Masilaidi a zotsatira za chaka: mungawasandutse bwanji nkhani ya mu nyuzileta?

Funso: Ndimagwira ntchito ku bungwe laling'ono lachifundo lomwe limakumba ndi kukonza mijigo kuno ku Dedza. Abwana andipatsa masilaidi 26 omwe anaonetsa ku bodi okhudza ntchito ya 2024, ati ndilembe nkhani ya mawu 600 ya mu nyuzileta yomwe imapita kwa otithandiza, mafumu ndi mipingo. Muli zinthu monga mijigo 50 pa 60 yomwe tinakonzekera, anthu 12,500 opindula, mijigo 90 peresenti ikugwira ntchito, ndalama zakwera ndi 40 peresenti. Ndayesa kulemba silaidi ndi silaidi koma zikumveka ngati lisiti ya ku golosale. Ndiyambire pati?

Yankho:

Mayi, poyambira si pa kompyuta ayi. Masilaidi amapangidwa kuti munthu aimirire pambali pake n'kumalankhula. Zomwe zili pa khoma ndi theka la nkhani, theka linalo linali m'kamwa mwa abwana anu tsiku la msonkhano, ndipo linatha pomwe anthu a bodi ananyamuka kupita ku nkhomaliro. Mawu onse olumikiza, monga "chifukwa chake", "koma", "ndiye tinaganiza zoti", analankhulidwa, sanalembedwe. Mukasandutsa silaidi iliyonse kukhala ndime, mumapeza manambala opanda zifukwa zake, ndipo n'chifukwa chake zolemba zanu zikumveka zouma. Ntchito yanu yoyamba ndi kukatolanso theka lomwe linasowalo.

Pemphani failo yeniyeni ya PowerPoint, ija yothera ndi .pptx, osati PDF kapena mapepala osindikiza. Mukaitsegula, pitani pa View kenako Notes Page. Olankhula ambiri amalemba mmenemo zodzikumbutsa, ndipo nthawi zina chiganizo chabwino koposa cha nkhani yanu chimakhala chitagona momwemo. Onaninso pa Slide Sorter ngati pali masilaidi obisidwa; nambala yake imaoneka yodulidwa ndi kamzere. Silaidi yobisidwa musaigwiritse ntchito musanafunse, chifukwa pali chomwe anaibisira, koma imakuuzani funso loti mukafunse. Pa tchati chilichonse, dinani batani lakumanja la mausi n'kusankha Edit Data. Ngati tchaticho chinapangidwira momwemo, mudzaona manambala enieni omwe ali kuseri kwa mizati ndi mizere ija. Ngati anangomata chithunzi, sizitheka, ndipo mukafunika kukapempha manambalawo kwa ofesala wa kalondolondo.

Mukatero, pemphani abwana mphindi 20 zokha, muwafunse zinthu zitatu: ndi silaidi iti yomwe anachedwapo kwambiri polankhula, bodi inafunsa chiyani, ndipo n'chiyani chomwe chinawasowetsa tulo chaka chimenecho. Lembani mawu awo momwe akutulukira. Pomwe bodi inafunsa mafunso ambiri ndi pomwenso owerenga anu adzafunse, chifukwa anthu sasiyana kwenikweni pa zimenezi.

Tsopano tikhale pansi ndi manambala anu, chifukwa apa ndi pomwe nkhani zamtunduwu zimagwera.

Nditaona 12,500 pambali pa 50 ndinatenga cholembera. Mukagawa 12,500 ndi 50 mupeza 250 ndendende. Muyezo womwe umagwiritsidwa ntchito m'dziko muno pokonza mapulani a madzi akumudzi ndi woti mjigo umodzi wa pampu ya Afridev utumikire anthu 250. Ndiye n'zotheka kwambiri kuti palibe anayenda khomo ndi khomo kuwerenga anthuwo. Wina anangochulukitsa mijigo ndi 250. Limeneli si bodza, ndipo mabungwe ambiri amatero pokonza mapulani. Koma inu mukalemba kuti "anthu 12,500 tsopano akumwa madzi abwino", mwasandutsa chiyerekezo kukhala chiwerengero, ndipo nyakwawa yomwe ikudziwa kuti pa mjigo wa m'mudzi mwake pamatunga midzi itatu, kapena mabanja 20 okha, idzadziwa kuti nambalayi ndi ya mu ofesi. Funsani kuti inachokera kuti. Ngati inachokera m'makaundula a makomiti a mijigo, lembani molimba mtima ndipo munene kuti makomiti ndi omwe anawerenga. Ngati ndi yochulukitsa, lembani kuti "mijigoyi ingathe kutumikira anthu pafupifupi 12,500". Kusiyana kwake ndi mawu ochepa okha, koma chiganizo chachiwirichi mutha kuchiteteza pamaso pa aliyense.

Nambala ya 50 nayo muifunse. Kukumba mjigo watsopano ndi kukonza wakale ndi ntchito ziwiri zosiyana kutalitali, pa ndalama ngakhalenso pa tanthauzo lake kwa mudzi. Watsopano umafuna kufufuza pomwe pali madzi, galimoto ya makina okumbira, mapaipi, simenti ya pabwalo pake ndi pampu yathunthu. Wakale nthawi zina umangofuna ndodo, timalabala ta mu silinda ndi mapaipi angapo. Tiyerekeze kuti mwafunsa ndipo akuuzani kuti 14 ndi yatsopano, 36 ndi yokonzedwa. Wowerenga ayenera kumva zonse ziwiri, chifukwa mukangoti "mijigo 50" m'mutu mwake mumabwera makina akukumba malo 50. Munthu yemwe anapereka ndalama akadzazindikira yekha pambuyo pake amamva ngati munamubisira, ngakhale inu simunafune kutero. Funsaninso ngati 50 imeneyi ndi ya 2024 yokha kapena ndi kuyambira pomwe pulojekiti inayamba. Masilaidi amakonda kusakaniza ziwirizi, makamaka ngati pulojekiti ndi ya zaka zitatu. Ine zinandigwerapo pomwe ndinkalembera bungwe lina: ndinalemba chiwerengero cha zaka zitatu ngati cha chaka chimodzi, nyuzileta inasindikizidwa, ndipo mayi wina wachikulire yemwe ankasunga makope onse anaimba foni kufunsa kuti zatheka bwanji kuti ntchito ikwere katatu pomwe ogwira ntchito ndi omwewo. Tinachita kulemba chikonzero m'kope lotsatira, ndipo zinandipweteka chifukwa mayiwo ankatikhulupirira. Safunsa anadya phula.

Pa 90 peresenti, funso ndi loti: peresenti ya chiyani, ndipo anaona liti? Ikhoza kukhala mijigo 45 mwa 50 ya chaka chino, kapena 90 peresenti ya mijigo yonse yomwe bungwe lakhudzapo chiyambire, kapenanso ya mijigo yokhayo yomwe ofesala anakwanitsa kufikako. Mjigo womwe wangokonzedwa miyezi itatu yapita uyenera kugwira ntchito basi, palibe chodabwitsa. Koma ngati mijigo ya zaka zisanu ikutulutsabe madzi, imeneyo ndi nkhani, ndipo mwini wake ndi makomiti omwe amasonkhetsa ndalama za zipangizo komanso amakaniko a m'dera. Mwezi nawo ndi wofunika. Mjigo womwe ukutulutsa madzi mu Epulo, mvula itangotha, ukhoza kumangolira pululu mu Okutobala madzi a pansi atatsika. Mukapeza mayankho, lembani m'chilankhulo cha anthu: "mijigo 9 mwa 10 iliyonse yomwe tinaiyendera mu Okutobala inali kutulutsa madzi". Gogo wa ku tchalitchi amva, ndipo wa ku ofesi ya othandiza amvanso.

Ndikufuna ndichedwe pang'ono pa 40 peresenti ya ndalama, chifukwa ndi nambala yomwe imakopa kuti ikhale mutu wa nkhani, ndipo ndi yoopsa kuposa zonse. Mu Novembala 2023 banki yaikulu ya dziko lino inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Tanthauzo lake ndi loti wothandiza wa kunja yemwe anatumiza madola omwewo mu 2023 ndi mu 2024, osawonjezera ngakhale imodzi, amaoneka m'mabuku a makwacha ngati wawonjezera kwambiri. Tiyerekeze kuti bungwe lanu linalandira K100 miliyoni mu 2023 ndi K140 miliyoni mu 2024. Pa silaidi ndi kukwera kwa 40 peresenti, mzati wautali wobiriwira. Koma K100 miliyoni pa K1,180 ndi madola pafupifupi 85,000, pomwe K140 miliyoni pa K1,700 ndi madola pafupifupi 82,000. Ndiye kuti m'madola ndalamazo zatsika pang'ono. Ndipo zambiri zomwe bungwe la mijigo limagula, monga zipangizo za pampu, mapaipi ndi dizilo wa makina, mitengo yake imatsatira dola.

Mwaona chomwe chachitika apa? Silaidi ya ndalama ndi silaidi ya mijigo 50 pa 60 mwina zili kutali, ina pa nambala 5 ina pa nambala 21, koma zikhoza kukhala nkhani imodzi. Wowerenga wanzeru akaona "ndalama zakwera ndi 40 peresenti" kenako "sitinakwanitse mijigo 10", adzafunsa mumtima kuti nanga ndalamazo zinapita kuti. Abwana anu mwina anayankha funsoli pakamwa ku bodi. Inu muyenera kuliyankha pa pepala. Pitani kwa akauntanti mufunse kuti ndi gawo lanji la ndalama lomwe limabwera m'madola kapena m'mapaundi, ndipo mjigo umodzi watsopano unkadya zingati pomwe bajeti inkalembedwa ndi zingati pomwe ntchito inkagwiridwa. Ngati mayankho akugwirizana ndi zomwe ndikuganizazi, mwapeza ulusi wa nkhani yanu. Ngati akuuzani chifukwa china, monga kukumba malo angapo osapeza madzi, kapena kontilakita kuchedwa, ulusi ndi umenewo. Chachikulu ndi choti musaganizire nokha chifukwa. Chichokere kwa omwe akudziwa.

Muli komweko kwa akauntanti, funsani ngati manambala a ndalamawo anadutsa kale kwa maodita. Masilaidi a ku bodi nthawi zambiri amapangidwa maodita asanamalize, ndipo manambala amasuntha. Mabungwe omwe si a boma amapereka malipoti a chaka ndi mabuku oyendera maodita ku NGORA, bungwe la boma lomwe limawayang'anira, ndiye si bwino kuti nyuzileta inene zina, lipoti la kumeneko linene zina. Ngati sanadutse, gwiritsani ntchito mawu oti "pafupifupi" ndipo munene kuti manambala otsimikizika adzatuluka mu lipoti la chaka. Onetsetsaninso kuti "2024" ikutanthauza Januwale mpaka Disembala. Mabungwe ena chaka chawo cha ndalama chimatha mu Malichi ngati cha boma, ena mu Juni, potsatira othandiza awo.

Mwina abwana adzanena kuti nkhani ya mijigo 10 yosakwanitsidwa muisiye. Maganizo anga ndi oti muilimbikire mwaulemu. Midzi yomwe inalonjezedwa ndipo sinalandire ikudziwa kale, mafumu ake ali pa mndandanda wa olandira nyuzileta, ndipo kukhala chete kumawauza kuti aiwalika. Ziganizo zitatu zikukwana: zomwe zinakonzedwa, chomwe chinalepheretsa, ndi zomwe zichitike pa midziyo. Koma pali zinthu zina za ku bodi zomwe siziyenera kutuluka n'komwe: malipiro a ogwira ntchito, mkangano ndi kontilakita wotchulidwa dzina, wothandiza yemwe mukukambirana naye koma sanasaine, ndi silaidi ya zoopsa zomwe bungwe likuziopa. Bodi ndi m'nyumba, nyuzileta ndi pabwalo.

Tsopano polemba. Musanayambe, tsekani masilaidi ndipo lembani chiganizo chimodzi chomwe munganene kwa mlamu wanu atakufunsani pa ukwati kuti ntchito inayenda bwanji chaka chatha. Ndi manambala ongoyerekeza aja, chikhoza kukhala chonchi: mitengo itakwera, tinasankha kudzutsa mijigo yakufa yambiri m'malo mokumba yatsopano yochepa. Chilichonse chomwe chikuthandiza chiganizo chimenechi chilowe. Chomwe sichikuthandiza chitsale, ngakhale chili ndi tchati chokongola. Pa masilaidi 26, musadabwe mukagwiritsa ntchito asanu kapena asanu ndi limodzi okha. Masomphenya a bungwe, mndandanda wa a bodi, mapu a maofesi, zonsezi owerenga anu sakuzifuna m'nkhani ya mawu 600. M'nkhani yotalika chonchi manambala ochepa okha ndi okwanira. Otsalawo, ngati abwana akuwafuna, aikeni m'kabokosi pambali.

Chiyambi chomwe chimabwera chokha munthu akatsatira masilaidi chimakhala chotere: "Bungwe lathu, mogwirizana ndi masomphenya ake, linachititsa msonkhano wa bodi pomwe mkulu wa bungwe anafotokoza zotsatira za chaka cha 2024." Palibe cholakwika m'chiganizochi, koma nkhani yake ndi msonkhano, ndipo palibe anapereka ndalama kuti kuchitike msonkhano. Yerekezani ndi ichi:

"Pomwe 2024 inkayamba tinali ndi midzi 60 pa mndandanda. Pomwe inkatha, madzi anali kutuluka m'midzi 50: mijigo 14 yatsopano ndi 36 yomwe inali itafa n'kudzutsidwa. Midzi 10 ikudikirabe, ndipo tikufuna mudziwe chifukwa chake."

Mawu osakwana 40, ndipo wowerenga wadziwa zomwe zachitika, wadziwa kuti simukumubisira, ndipo ali ndi chifukwa chopitirira. Ndime yachiwiri imutengere ku mudzi umodzi. Apa masilaidi sangakuthandizeni, chifukwa chithunzi cha mayi akumwetulira pa mjigo chopanda dzina la mudzi si nkhani. Funsani ofesala wa kumudzi akupatseni mjigo umodzi womwe akuudziwa bwino: unafa liti, chinawonongeka n'chiyani, anthu ankatunga kuti pa nthawiyo, ulendo wake unali wautali bwanji, komiti ikusonkhetsa zingati pa banja pa mwezi. Ngati n'kotheka imbirani foni wapampando kapena msungichuma wa komitiyo mumve nokha. Mawu omwe mudzaike m'zizindikiro za mawu a munthu akhale omwe ananenadi. Ndaonapo anthu akutenga chiganizo cha pa silaidi n'kuchiika m'kamwa mwa mayi wa kumudzi, ndipo zimadziwika msanga, chifukwa palibe mayi amanena pa mjigo kuti "umoyo wathu watukuka mokhazikika". Pemphaninso chilolezo chogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chake, ndipo mumuuze komwe nyuzileta imafika. Chilolezo chojambula chithunzi cha lipoti la mu ofesi si chilolezo chochifalitsa pa WhatsApp. Ngati pachithunzi pali ana, chilolezo chichokere kwa makolo.

Mukachoka ku mudziko, bwerani ku nkhani ya ndalama ndi midzi 10 ija, kenako za mijigo yomwe ikugwirabe ntchito ndi omwe akuisamala, ndipo mutsirize ndi zomwe zichitike chaka chino komanso chomwe mukupempha wowerenga. Pempho likhale limodzi ndipo likhale logwirika. Popeza owerenga anu ndi a mitundu itatu, ganizirani yemwe mukumufuna kwambiri pa kope limeneli. Mukayesa kupempha othandiza ndalama, mafumu malo, mipingo mapemphero, zonse m'ndime imodzi, aliyense amaona ngati mukulankhula ndi mnzake.

Samalani ndi mawu a mu ofesi omwe amabwera ndi masilaidi ngati nsabwe m'chovala cha kaunjika. Masilaidi ambiri amalembedwa m'Chingerezi cha ma pulojekiti, ndipo mukachimasulira liwu ndi liwu mumapeza zinthu monga "kulimbikitsa kuthekera kwa okhudzidwa". Dzifunseni kuti anthuwo anachita chiyani ndi manja awo. Nthawi zambiri yankho limakhala loti mamembala a komiti anaphunzira kumasula pampu, kusintha timalabala ndi kulemba ndalama m'kaundula. Lembani zimenezo. Liwu loti "opindula" nalo ndimalipewa; ndi anthu a m'mudzi wakuti, ndi ana a sukulu yakuti. Ndipo ngati silaidi ina ikuti komiti zophunzitsidwa zili ndi anthu 500, musawaphatikize pa 12,500 aja, chifukwa amatunga pa mijigo yomweyo ndipo awerengedwa kale.

Ngati pali silaidi yonena kuti matenda otsegula m'mimba kapena kolera achepa m'dera lanu, ikhudzeni mosamala. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatsika m'dziko lonse, m'madera omwe muli mijigo yanu ndi omwe mulibe, ndipo panali katemera, kolorini ndi ntchito ya azaumoyo. Mutha kunena zomwe chipatala cha m'deralo chaona, ngati chakupatsani manambala ndi chilolezo, koma musalembe kuti mijigo yanu ndi yomwe yathetsa matendawo.

Tchati musachikopere momwe chilili. Chinapangidwira khoma lalikulu, ndipo ambiri mwa owerenga anu adzachiona pa foni kapena pa pepala la fotokope lomwe chobiriwira ndi chofiira zimasanduka mtundu umodzi. Ngati mukufuna chimodzi, chikhale cha mizati iwiri kapena itatu, manambala olembedwa pamwamba pa mzati uliwonse, ndipo mutu wake unene zomwe tchaticho chikusonyeza, monga "Yokonzedwa inachuluka kuposa yatsopano". Onani ngati mizatiyo ikuyambira pa 0, chifukwa ikayambira pakati, kusiyana kwakung'ono kumaoneka ngati phiri.

Mukamaliza, sindikizani nkhaniyo, zungulizani nambala iliyonse ndi cholembera, ndipo pambali pake lembani nambala ya silaidi kapena munthu yemwe anakupatsani. Pepala limeneli lipite kwa akauntanti kuti aone za ndalama, ndi kwa ofesala wa kalondolondo kuti aone za mijigo ndi anthu, lisanafike kwa abwana. Muwapemphe aone manambala okha, apo ayi aliyense adzafuna kubwezamo silaidi ya dipatimenti yake ndipo mudzabwerera pa lisiti ija. Kenako werengerani mokweza munthu yemwe sagwira ntchito ku bungwe lanu, mumufunse kuti wamva chiyani. Akatchula mijigo yomwe yadzutsidwa ndi midzi yomwe ikudikira, tumizani kosindikiza. Pepala la manambala ozungulizidwa lija lisungeni mu failo, chifukwa chaka chamawa mudzafuna kudziwa kuti 50 ija inawerengedwa bwanji musanaiyerekeze ndi nambala yatsopano.